Ufa wa Januwale ndi masiku a malole: mmene msonkhano wa mwezi umagwirizanitsira malonda, chigayo ndi mayendedwe

Pa kampani iliyonse imene imapanga katundu ndi kumutumiza kutali pamakhala manambala atatu a mwezi wamawa, ndipo kawirikawiri manambala atatuwo sadziwana. A zamalonda amakhala ndi nambala ya zimene akuyembekeza kugulitsa, a kufakitale amakhala ndi ya zimene makina angatulutse, ndipo oyang'anira malole amakhala ndi yawonso ya zimene magalimoto anganyamule. Msonkhano wa mwezi ndi mwezi wokonza pulani ya malonda ndi ntchito unakhazikitsidwa kuti manambala atatuwa asanduke nambala imodzi imene aliyense wavomera ndipo mkulu wa kampani wasainira. Njirayi inakhwima m'mafakitale a ku America m'zaka za m'ma 1980, ndipo dzina limene limatchulidwa kwambiri pa chiyambi chake ndi la Richard Ling. Ine ndimagwira ntchito yokonza manambala a msonkhano wotere pa chigayo china chachikulu chopaka ufa m'matumba kuno ku Mzuzu, ndipo chimene ndaona ndi chakuti kuno kumpoto msonkhanowu umapindula kapena kulephera pa gawo limene ambiri amalisiyira kumapeto, gawo la malole.

Chifukwa chake chili m'nyengo ndi m'mapu. Ufa wogula umafunidwa kwambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene chimanga cha m'nkhokwe chatha m'makomo ambiri ndipo cha m'munda sichinakhwime. Miyezi yomweyo ndiyo ya mvula, pamene misewu yafumbi yopatuka pa tala imaterera, ndiponso lole yodzaza imatsika ndi kukwera phiri la Chiweta mwapang'onopang'ono kuposa m'chilimwe. Kuchoka ku Mzuzu kufika ku Karonga pa msewu wa M1 ndi mtunda wopitirira pang'ono makilomita 200, ndipo kufika ku Chitipa pamawonjezekanso makilomita pafupifupi 100, pamene ku Nkhata Bay pa M5 sikukwana ndi makilomita 50 omwe. Choncho mwezi umene ogula akufuna ufa wambiri ndi womwewonso umene galimoto iliyonse ikuyenda maulendo ochepa, ndipo matani khumi opita ku Chitipa amadya nthawi ya lole kuposa matani khumi opita ku Nkhata Bay, ngakhale kuti papepala la a zamalonda onsewo amaoneka ofanana.

Msonkhano weniweni, umene mkulu wa kampani amakhalapo, ndi sitepe yomaliza ya ntchito yotenga pafupifupi milungu itatu. Masiku oyamba a mwezi timatseka mabuku a mwezi wathawo ndi kuwerenga katundu amene ali m'sitoko. Kenako a zamalonda amakonza chiyembekezo chawo, a kufakitale ndi a malole amayankha zimene angathe, ndipo timakumana tokha oyang'anira zigawo kuti tithetse zimene tingathetse popanda abwana. Zokhazo zimene zatikanika, makamaka zofuna ndalama kapena zofuna kukhumudwitsa kasitomala, ndizo zimapita ku msonkhano waukulu. Mabuku a maphunzirowa amalangiza kuyang'ana miyezi 18 kapena kupitirira apo kutsogolo, ndipo pa chimanga, chimene timagula chochuluka anthu akangokolola, timayang'anadi chaka chathunthu, koma manambala a tsatanetsatane timawaika pa miyezi itatu yotsatira. Ndifotokoza pulani ya Januwale monga mmene imaonekera pa msonkhano wa Novembala. Manambalawa ndawasalaza kuti masamu ake aoneke bwino, ndipo ndi achitsanzo chabe, koma kaganizidwe kake ndi kamene timatsata.

Chinthu choyamba kugwirizana ndi muyeso. A zamalonda amakonda kulankhula mu makwacha chifukwa ndi mmene mabwana amayezera ntchito yawo, a kufakitale amalankhula mu maola a makina, ndipo a m'sitoko amawerenga matumba. Ife tinasankha matani a ufa, ndipo makwacha amabwera pambuyo, a zachuma akamawerengera phindu la pulani imene yagwirizanidwa kale. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti 44 tsiku limodzi, mitengo ya katundu inasintha m'milungu yochepa, ndipo aliyense amene ankayerekeza malonda a mwezi ndi mwezi mu makwacha akanaona ngati malonda akukwera pamene matumba otuluka pageti akuchepa. Tani imodzi ndi matumba 40 a makilogalamu 25, kaya mtengo uli pati, ndipo ndi tani yomweyo imene makina amagaya ndi imene lole imanyamula.

M'chitsanzo chathu, a zamalonda abweretsa chiyembekezo cha matani 720 a Januwale. Nambala imeneyi sitiilandira mmene yabwerera, komanso sitiidula mwachipongwe, koma timaiika pambali pa mbiri yake. Ngati miyezi itatu yapitayo analonjeza matani 500, 540 ndi 600, koma anagulitsa 460, 500 ndi 550, ndiye kuti mwezi uliwonse amapitirira ndi maperesenti pafupifupi 8 kapena 9, ndipo kupitirira kwa mbali imodzi kotereku si kwangozi ayi. Chiyembekezo chabwino chimaphonya uku ndi uku, mwezi wina pamwamba ndi wina pansi. Chikamaphonya mbali imodzi yokha, pamakhala chifukwa, ndipo nthawi zambiri chifukwacho ndi chakuti wogulitsa anaona kale kuti akapempha 100 amapatsidwa 90, choncho amapempha 110. Palinso mbali ina imene iyenera kuyang'anidwa mwachilungamo: zimene zinagulitsidwa si zonse zimene zinafunidwa. Ngati wopikulitsa wa ku Rumphi anaitanitsa matumba 400 ndipo tinamupatsa 300 chifukwa lole inalibe malo, mabuku a malonda amalemba 300, ndipo matumba 100 aja amasowa m'mbiri pokhapokha wina atawalemba padera monga oda yosakwaniritsidwa. Kampani yosalemba maoda oterewa imadzinamiza chaka ndi chaka kuti msika wake ndi wofanana ndi mphamvu ya malole ake.

Titachotsa chizolowezi chopitirira ndi kubwezeramo maoda amene sanakwaniritsidwe, tinene kuti tagwirizana pa matani 680, ogawidwa motere: 300 a mu mzinda wa Mzuzu ndi madera oyandikira, 140 a ku Karonga, 70 a ku Nkhata Bay, 60 a ku Chitipa, 60 a ku Rumphi ndi 50 a ku Mzimba. Kugawa kumeneku n'kofunika kuposa chiwerengero chonse, monga tione posachedwa.

Mbali ya fakitale ndi yosavuta kwenikweni, malinga munthu asakhulupirire nambala yolembedwa pa makina. Chigayo chotulutsa matani 2 pa ola, choyenda mashifiti awiri a maola 8 kwa masiku 26, papepala chimapereka matani 832. Koma pa maola 16 a tsiku pamachoka nthawi yotsuka, yosintha masefa, yosintha kukula kwa matumba, yodikira magetsi akathima ndi yokonza zowonongeka, ndipo kaundula wa miyezi yapita akasonyeza kuti maola ogayadi ndi 12 pa tsiku, mphamvu yeniyeni ndi matani 24 pa tsiku, kapena 624 pa mwezi. Nambala ya maola imeneyi imasinthanso ndi chaka. Mu 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo fakitale iliyonse yopanda jenereta inayenera kutsitsa maola ake m'pulani. Tikaphatikiza matani 624 ndi 100 amene adzakhale m'sitoko pa 1 Januwale, n'kuchotsa 60 amene tinagwirizana kuti asamakhudzidwe kuti atiteteze makina akaima, tili ndi matani 664 ogulitsa. Kupereweza ndi matani 16 okha, amene angapezeke pogwira shifiti imodzi Lamulungu kawiri. Msonkhano ukanathera pamenepa, aliyense akanatuluka wokhutira kuti Januwale ali bwino.

Vuto limaonekera tikafika pa malole, ndipo limaoneka pokhapokha tasintha matani kukhala masiku a lole. Ufa wa mu mzinda sutivutitsa chifukwa opikulitsa ambiri amadzatenga okha pageti ndipo wotsalawo umayenda pa galimoto yaing'ono. Matani 380 a kunja ndi amene ayenera kukwera malole atatu a kampani, iliyonse yonyamula matani 10. Ulendo wa ku Karonga, kupakira, kupita, kutsitsa m'mashopu angapo ndi kubwerera, umatenga masiku awiri, choncho maulendo 14 ndi masiku 28. Wa ku Chitipa umatenga masiku atatu, ndipo maulendo 6 ndi masiku 18. Maulendo a ku Nkhata Bay, Rumphi ndi Mzimba ndi a tsiku limodzi, ndipo onse pamodzi ndi masiku 18. Januwale akufuna masiku a lole 64.

Papepala malole atatu pa masiku 26 ali ndi masiku 78, ndipo munthu wongoyang'ana mwachangu anganene kuti malo alipo ambiri. Koma lole iliyonse iyenera kulowa ku galaja masiku awiri pa sevisi, amene ndi masiku 6. M'zaka zaposachedwazi, makamaka kuyambira 2022, dizilo wakhala akusowa nthawi ndi nthawi, ndipo ngati kampani ilibe thanki yakeyake n'kwanzeru kuchotsa masiku ena 6 a pamzere wa mafuta. Lole imodzi ikudziwika kale kuti idzaima masiku 8 podikira chitsulo chochokera kunja. Kenako timasungira mvula ndi zogwa mwadzidzidzi masiku 6, chifukwa lole imene yatitimira kapena yadikira kuti msewu utsegulidwe sibweza tsiku lotayikalo. Otsala ndi masiku 52, ndipo kupereweza ndi masiku 12.

Apa ndi pamene ndimafuna kuti aliyense wa patebulo aime ndi kuganiza, chifukwa masiku 12 amenewa alibe kulemera kumodzi. Ngati tiwachotsa pa maulendo a pafupi, ndi matani 120 osafika kwa ogula. Ngati tiwachotsa pa Karonga, ndi matani 60, ndipo ngati tiwachotsa pa Chitipa, ndi matani 40 okha, koma matani 40 amenewo ndi magawo awiri mwa atatu a ufa wonse wa ku Chitipa mwezi umenewo. Masamu okha amaloza ku Chitipa, pakuti ndi kumene kampani imataya matani ochepa, ndipo ndi chifukwa chake madera akutali amamanidwa katundu mwakachetechete m'makampani ambiri popanda wina aliyense kulamula kuti zitero. Kalaliki wotumiza katundu, amene m'mawa uliwonse amakhala ndi malole awiri ndi maoda asanu, amasankha ulendo umene lole ibwerera madzulo omwewo, kapena amasankha kasitomala amene waimba foni mokalipa kwambiri. Sindimuimba mlandu kalalikiyo, chifukwa wasenzetsedwa chigamulo chimene si cha msinkhu wake. Kusiya wopikulitsa wa ku Chitipa wopanda ufa mu Januwale kungatanthauze kumutaya kotheratu, popeza malire a Tanzania ndi Zambia ali pafupi naye ndipo adzapeza womugulitsa wina, komanso kukutanthauza kuti mabanja a kumeneko agula ufa modula m'mwezi wovuta kale. Chigamulo chotero chiyenera kupangidwa poyera, mu Novembala, ndi anthu amene ali ndi mphamvu yotulutsa ndalama.

Pa msonkhano wotere mawu amakhala aulemu koma olunjika. Mayi oyang'anira zamalonda amatha kunena kuti, "Bambo, makasitomala a ku Karonga ndinawalonjeza kale, musandichititse manyazi." Bambo oyang'anira malole amayankha kuti, "Mayi, sindikukana ayi, koma ndipatseni masiku khumi ndi awiri, kapena mundiuze amene adikire." Ndimaona kuti yankho limeneli ndi labwino, chifukwa silikutsutsa chiyembekezo cha malonda, koma likutchula mtengo wake mu muyeso umene aliyense angawerenge.

Njira zotsekera mpatawu zilipo zingapo ndipo iliyonse ili ndi malire ake. Yoyamba ndi kuchita hayala lole yaikulu ya matani 30 kupita ku Karonga, imene pa ulendo umodzi imamasula masiku 6 a malole athu. Nthawi zina mtengo wake umatsikirako ngati tapeza lole imene ikupita yopanda kanthu cha ku Songwe kukatenga katundu, koma mwini lole yotero amatsata tsiku lake, osati lathu. Komanso matani 30 ndi matumba 1,200, oposa zimene chigayo chimagaya tsiku lathunthu, choncho a kufakitale ayenera kudziwa tsikulo kuti aunjike katunduyo popanda kumana ogula a pageti, ndipo ku Karonga kuyenera kukhala nyumba youma yolandirira matumba onsewo nthawi imodzi, chifukwa lole yaikulu siyendayenda m'mashopu. Njira yachiwiri ndi kutumiza ufa wina mu Disembala kuti ukadikire kumeneko. Pa katundu wosawonongeka monga sopo njirayi ndi yabwino, koma ufa suchedwa kugwira chinyontho ndi tizilombo m'malo otentha a m'mbali mwa nyanja, ndipo malole a Disembala nawonso amakhala otanganidwa kale, kotero kuti timangosamutsa vuto kuchoka mwezi wina kupita mwezi wina. Njira yachitatu ndi kugwirizana ndi wopikulitsa wa ku Chitipa kuti adzatengere katundu wake wina ku Karonga pa mtengo wotsikirako, zimene zimadula tsiku limodzi pa ulendo uliwonse.

M'chitsanzo chathu mkulu wa kampani, atamva kwa a zachuma kuti hayala yachiwiri idya phindu lonse la ufa umene inganyamule, akuvomereza hayala imodzi, imene ikubweza masiku 6. Maulendo awiri a ku Chitipa athera ku Karonga, ndipo abweza masiku 2. Masiku 4 otsalawo akupezeka podula maulendo awiri a ku Karonga, ndiye kuti matani 20, ndipo Mayi a zamalonda apatsidwa ntchito youza makasitomala okhudzidwa mwezi wa Disembala usanafike pakati, kuti gawo la aliyense lichepe molingana ndi zimene wakhala akugula. Pulani ya Januwale tsopano ndi matani 660, ndipo taonani zimene zachitika ku fakitale: matani 660 ali pansi pa 664 aja, choncho mashifiti a Lamulungu safunikanso, ndipo mwezi udzatha ndi matani 64 m'sitoko. Tikanavomereza ovataimu tisanawerenge malole, tikanalipira antchito ndi magetsi kuti tigaye ufa wongokhala m'sitoko ya ku Mzuzu mkati mwa mvula, pamene mashopu a ku Karonga alibe. A zamalonda akanena kuti matani 20 amenewo angathe kuwagulitsa pageti mu mzinda, nkhaniyo ikambidwa payokha, ndi umboni wake.

Kugawa molingana ndi mbiri ya kagulidwe kuli ndi chifukwa chinanso. Mbiri ikamveka kuti ufa uchepa, opikulitsa amaitanitsa kawiri zimene akufuna, poganiza kuti akadulidwa theka adzatsala ndi zokwanira. Kampani ikagawa molingana ndi kukula kwa oda, imalimbikitsa bodza limeneli, maoda amafufuma, a zamalonda amakweza chiyembekezo cha Febuluwale, fakitale imawonjezera maola, ndipo katundu akangopezeka maoda aja amafafanizidwa pa sabata imodzi. Chizindikiro chake ndi maoda okwera mwadzidzidzi pamene ogulitsa athu oyendera mashopu akuona kuti matumba pa shelefu akutuluka mwa masiku onse. Ndi chifukwa chake ndimapempha kuti ogulitsa athu azibwera ndi chiwerengero cha matumba amene apeza m'sitoko ya wopikulitsa, osati oda yake yokha.

Pulani yosainidwa iyeneranso kutetezedwa, apo ayi imafa sabata yoyamba. Ife tinagwirizana kuti ndandanda ya malole ya sabata imene tili ndi yotsatira isasinthidwe ndi munthu mmodzi pa foni, ngakhale akhale wamkulu. Oda yadzidzidzi ikabwera, woibweretsa ayenera kutchula ulendo umene uchotsedwe kuti yake ilowe, ndipo kusinthako kumalembedwa. Lamuloli limakhumudwitsa anthu poyamba, koma popanda ilo masiku 52 aja amadyedwa ndi maulendo a theka la lole opita kwa amene ali ndi nambala ya foni ya abwana. Pali chizolowezi chinanso chimene chimawononga masamu a mwezi, cha malonda ounjikana sabata yomaliza pamene ogulitsa akuthamangira kukwanitsa chiwerengero chawo. Masiku a lole sasungika: lole imene yakhala pabwalo pa 6 Januwale singayende kawiri pa 29. Choncho ngakhale masiku a mwezi wonse akwane, tiyenera kuwayala sabata ndi sabata, pafupifupi masiku 12 kapena 13 pa sabata, ndi kuona ngati maoda ayalidwanso chimodzimodzi.

Munthu angadziwe kuti msonkhano wa pakampani yake wasanduka mwambo chabe ngati nthawi yambiri ikuthera pofotokoza chifukwa chimene mwezi watha unalakwikira, kapena ngati oyang'anira fakitale akamatuluka akunong'oneza wothandizira wawo nambala ina yosiyana ndi imene yasainidwa. Chizindikiro china chimaoneka ndi maso: sitoko yodzaza mpaka kudenga pamene foni ya maoda ikulira ndi madandaulo a kumaboma. Pa msonkhano wa Febuluwale, tikamayang'ana mmbuyo, timafunsa mafunso ochepa okha ndipo timawafunsa dera ndi dera. Timayerekeza matani amene tinalonjeza ku Chitipa ndi amene anafikadi, timayerekeza maola 12 amene tinaganizira ndi amene chigayo chinayenda, ndiponso timawerenga masiku amene malole anayendadi poyerekeza ndi 52. Ngati mvula ndi zogwa mwadzidzidzi zinadya masiku 9 m'malo mwa 6, nambala ya 9 ndiyo imalowa m'pulani ya Malichi ndi Epulo, pakuti kuno ku Mzuzu ndi ku Nkhata Bay mvula imachedwa kusiya, ndipo ngati ulendo wa ku Karonga wakhala ukutenga masiku awiri ndi theka, maulendo 14 timawawerengera masiku 35 m'malo mwa 28.